Kufupikitsa imelo yokumbutsa ngongole popanda kudula ulemu

Imelo yayitali kawirikawiri sitalika chifukwa chakuti nkhani ndi yambiri. Imatalika chifukwa wolembayo akuchita manyazi ndi chimene akufuna kupempha, ndiye amazungulira kaye, kupepesa, kuthokoza, kupepesanso, mpaka pempho lenileni limakapezeka kumunsi litafooka. Izi zimaoneka bwino pa imelo yokumbutsa munthu ndalama, chifukwa pamenepa manyazi amakula ndipo cholakwika chaching'ono chimachedwetsa malipiro. Tiyerekeze mayi amene ali ndi bizinesi yophika chakudya pa misonkhano. Anaphikira bungwe lina masiku awiri, analandira gawo la ndalama, ndipo zotsalazo zachedwa. Pa 7 Epulo walembera akauntanti wa bungwelo motere, pa bokosi la Subject atangolemba kuti "Moni":

"Wokondedwa Bambo,

Choyamba ndikupatseni moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a ku ofesi. Kuno tili bwino ndithu, kaya inu kumeneko.

Pepani kwambiri kuti ndakusokonezani, ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa kwambiri makamaka nthawi ino. Cholinga cholembera kalatayi n'chakuti ndimafuna ndikukumbutseni za nkhani ija.

Monga mukudziwa, tinaphika chakudya pa maphunziro anu amene anachitika pa 12 ndi pa 13 Malichi. Anthu analipo 60 tsiku lililonse, ndipo tinagwirizana K15,000 munthu mmodzi pa tsiku. Tinasangalala kwambiri kugwira nanu ntchito, ndipo anthu anayamikira chakudyacho.

Ndalama zonse zinali K1,800,000. Munatipatsa K700,000 poyamba, zomwe tikuthokoza kwambiri. Invoisi nambala 047 tinatumiza pa 17 Malichi, ndipo tinagwirizana kuti zotsala zidzalipiridwa pasanathe masiku 14.

Komanso ndinaiwala kunena kuti akaunti ya kubanki imene ili pa invoisi ija tinatseka, ndiye ndaikamo invoisi ina yokhala ndi akaunti yatsopano. Pepani chifukwa cha zimenezi.

Ndiye ngati n'kotheka, mwina mukapeza mpata, mungationereko nkhaniyi, chifukwa nafenso amene tinatenga nyama ndi mpunga pangongole akutivutitsa ndipo tinawalonjeza Lachisanu. Pepaninso chifukwa chokuvutitsani.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu. Ndikuyembekezera yankho lanu. Zikomo."

Imeloyi ili ndi mawu pafupifupi 160 m'ndime 7. Ndi yaulemu, palibe angatsutse. Koma taonani chimene mulibe: ndalama yotsalayo siinatchulidwe paliponse. Akauntanti ayenera kuchotsera yekha K700,000 pa K1,800,000 kuti apeze K1,100,000. Tsiku lofunikira ndalamayo langoti "Lachisanu", ndipo labwera ngati nkhani ya ogulitsa nyama, osati ngati pempho. Liwu loti "kulipira" silinalunjikitsidwe kwa bamboyo ngakhale kamodzi; apemphedwa kuti "ationereko nkhaniyi", ndipo munthu angathe kuionadi, n'kuitseka, chikumbumtima chake chili mbee.

Musanadule, lembani kaye zimene siziyenera kutayika

Anthu ambiri akafuna kufupikitsa amayamba ndi kufufuta, kuchokera pamwamba kutsika. Njira imeneyi ndi imene imatayitsa mfundo, chifukwa pofika pakati dzanja lazolowera kufufuta, ndipo chiganizo cha akaunti yatsopano, chomwe chayamba ndi "Komanso ndinaiwala kunena", chimaoneka ngati chongowonjezera. Chabwino n'kuyamba ndi pepala lapadera. Werengani imelo yonse ndipo mulembe chilichonse chimene akauntanti sangathe kulipira popanda icho. Pa imelo ya mayiyu zinthuzo ndi nambala ya invoisi, 047. Ntchito imene inagwiridwa ndi masiku ake. Ndalama yonse, imene inalipiridwa kale, ndi yotsala. Tsiku limene anagwirizana. Tsiku limene mayiyu akupempha. Ndi kusintha kwa akaunti. Ziwiri mwa zimenezi, yotsala ndi deti lenileni la Lachisanulo, muyenera kuziwerengera nokha chifukwa mu imelo mulibe. Masiku 14 kuchokera pa 17 Malichi amathera pa 31 Malichi, ndipo mu 2025 Lachisanu lotsatira 7 Epulo linali pa 11 Epulo. Choncho ntchito yofupikitsa yayamba ndi kuwonjezera.

Nanga anthu 60 ndi K15,000 ija? Izi ndi zoona ndipo ndi zofunika, koma zili kale pa invoisi imene yaikidwa pa imeloyo. Funso lothandiza posankha n'lakuti: kodi wowerenga akufunika kuona chinthuchi asanatsegule fayilo? Ndalama yotsala akufunika kuiona, chifukwa ndi imene imuuze ngati nkhaniyi angaimalize yekha kapena ikufuna siginecha ya abwana ake. Mtengo wa mbale imodzi akauona pa invoisi pofananiza ndi mapepala ake. Zikanakhala kuti pali mkangano pa chiwerengero cha anthu amene anadya, 60 uja akanakhala mtima wa imelo yonse ndipo sakanachotsedwa. Mfundo yomweyomweyo imakhala yofunika mu imelo ina, n'kukhala yongodzaza malo mu ina.

Tsopano kudula. Pali mawu amene amangolengeza kuti munthu akufuna kulankhula: "Choyamba ndikupatseni moni", "Cholinga cholembera kalatayi n'chakuti", "ndimafuna ndikukumbutseni". Awa tinawaphunzira pa kalembedwe ka kalata kusukulu, ndipo pa kalata ya papepala anali ndi malo ake. Pa imelo ntchito yawo imagwiridwa ndi mutu. Achotseni onse, chiganizo chiyambe ndi chinthu chenichenicho. "Monga mukudziwa" nayenso apite: ngati akudziwa palibe chifukwa chomuuzira kuti akudziwa, ndipo ngati waiwala mawuwa amamveka ngati chitonzo. "Nkhani ija" ndiye woopsa, pakuti akauntanti ali ndi nkhani zija zambirimbiri pa tebulo pake.

Kenako yang'anani zobwereza. "Kwambiri" walembedwa kasanu, "pepani" katatu, kuthokoza katatu. Mawu aulemu akabwerezedwa amachepa mphamvu, ndipo choipa china n'chakuti amabisana. Pa kupepesa kutatu kuja, kumodzi kokha ndiko kuli ndi chifukwa chenicheni: mayiyu anatumiza invoisi yokhala ndi akaunti imene tsopano ndi yotseka, ndipo izi zipatsa akauntanti ntchito yowonjezera. Kupepesa chifukwa chokumbutsa ngongole imene tsiku lake lapitirira ndi sabata yathunthu n'kosafunika, ndipo kumapereka chithunzi choti wolembayo akukayika ngati ndalamayo ndi yake. Siyani "pepani" mmodzi, pamalo pamene pali cholakwa. Siyani kuthokoza kumene kuli ndi chinthu chogwirika, K700,000 imene inaperekedwa kale, ndi "zikomo" wotsekera.

Ulemu uli mu mneni

Apa ndi pamene ambiri amachita mantha, poganiza kuti akachotsa ziganizo zofewetsa imelo idzamveka yamwano. Imatha kumvekadi yamwano, ngati munthu wadula motere:

"Lipirani K1,100,000 pofika Lachisanu. Akaunti yasintha, onani invoisi. Zikomo."

Koma chimene chaipitsa imeloyi si kufupika. Ndi "Lipirani" ndi "onani", aneni olamula, ngakhale ali ndi -ni waulemu. M'Chichewa kulemera kwa pempho kumasintha ndi kapangidwe ka mneni, ndipo kusinthako sikudya malo. "Lipirani" ndi lamulo. "Mulipire" wafewako pang'ono koma akadali wa bwana kwa wantchito wake. "Chonde mulipire" angapite kwa munthu amene mumagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku. "Ndikupempha mutithandize kulipira" ndi mawu atatu okha, koma aika wowerenga pamalo a munthu amene ali ndi mphamvu yothandiza, ndipo ndi malo amene akauntanti alidi. Mawu atatuwa akugwira ntchito imene ndime yachiwiri yonse ndi theka la ndime yachisanu ndi chimodzi zimayesa kugwira.

Chenjerani ndi -ko pa nkhani ya ndalama. Pa zinthu zina amafewetsa bwino: "mundiimbireko", "mundiuzeko". Koma "mutipatseko" kapena "mutilipireko" amamveka ngati mukuvomera kulandira gawo chabe, ndipo ofesi imene ndalama zavuta idzakondwa kumva choncho. Momwemonso "ngati n'kotheka", "mwina" ndi "mukapeza mpata" atatsatizana m'chiganizo chimodzi amatsegula makomo atatu othawira. Ngati tsikulo lingasunthedi, siyani chimodzi mwa zitatuzi, ndipo ndi bwino kuchisandutsa funso lomveka, monga "Ngati tsikuli silitheka, chonde mundiuze tsiku limene mungathe." Ngati silingasunthe, perekani chifukwa m'malo mofewetsa. Tsiku lopanda chifukwa limamveka ngati chiopsezo, pamene tsiku lokhala ndi chifukwa chachifupi limamveka ngati munthu akufotokoza vuto lake. N'chifukwa chake nkhani ya nyama ndi mpunga siyenera kutayidwa, ngakhale poyamba imaoneka ngati kudandaula. Ingochotsanipo "akutivutitsa".

Moni asachoke. Imelo ya Chichewa yopanda moni, yopita kwa munthu amene simunalankhule naye kwa milungu itatu, imafika ngati munthu wolowa m'nyumba osaodira. Koma moni wa pakamwa ali ndi mbali ziwiri, kufunsa ndi kuyankha, ndipo mu imelo mbali yachiwiriyo ndi yongopeka: palibe wafunsa mayiyu kuti ali bwanji kuti ayankhe "kuno tili bwino ndithu". "Ndikhulupirira muli bwino" akwanira. Kusiyana kumakhalapo ngati mukudziwa kuti wolandirayo anali pa maliro kapena anadwala. Pamenepo chiganizo chopepesa si chodzaza malo, chikhale pamwamba, pachokha, ndipo musachilumikize ndi pempho la ndalama m'ndime imodzi.

Kuphatikiza ndime

Mukatha kudula mumatsala ndi zidutswa: ndime 7 zija, ina yatsala ndi chiganizo chimodzi, ina ndi theka. Kuzisiya choncho imelo imaonekabe yayitali pa foni, chifukwa mpata uliwonse pakati pa ndime umadya mzere. Kuziunjika zonse pamodzi n'koipa kuposa, chifukwa manambala asanu ndi madeti anayi m'ndime imodzi diso limalumpha ena.

Musaphatikize ndime chifukwa zayandikana. Phatikizani zimene zikuyankha funso limodzi la wowerenga. Akauntanti ali ndi mafunso atatu, ndipo amabwera motsatana chonchi: mukufuna ndichite chiyani ndipo liti, ndalamayi ndi ya chiyani, ndilipire kuti. Moni wa m'ndime yoyamba ndi pempho la m'ndime yachisanu ndi chimodzi zimapita pamodzi pamwamba, ngakhale zinali kutali. Ndime yachitatu ndi yachinayi zimakhala imodzi chifukwa zonse zikufotokoza chiyambi cha ngongole. Ndime ya akaunti imakhala payokha, ngakhale ndi yaifupi ndipo ingathe kulowa bwinobwino m'ndime ya manambala. Chifukwa chake n'chakuti ndi chinthu chokhacho chimene bamboyo sakuchidziwa kale. Manambala enawo ali nawo m'mabuku ake ndipo adzangowadutsa ndi diso. Akaunti yatsopano ikabisala pakati pawo, adzaidutsanso, n'kutumiza ndalama ku akaunti yotseka, ndipo mayiyu adzadikira kuti zibwerere kaye asanayambirenso.

Pophatikiza pamabuka vuto limene silioneka msanga. Ziganizo zikasunthidwa, timawu toloza kumbuyo timayamba kuloza chinthu china. Tayesani kuwerenga izi: "Zonse zinali K1,800,000, ndipo munatipatsa kale K700,000. Tinaitumiza pa 17 Malichi." Wolemba akudziwa kuti chimene chinatumizidwa ndi invoisi, koma pa pepala chapafupi ndi ndalama, ndipo chiganizocho chikumveka ngati K700,000 ija inabwezedwa. Mukasuntha chiganizo chilichonse, yang'anani "iyi", "ija", "zimenezi" ndi tizigawo ta mkati mwa mneni monga -i- ndi -zi-, ndipo pamene pali chikayiko bwezeretsani dzina la chinthucho. Liwu limodzi lowonjezera ndi lotchipa poyerekeza ndi imelo ina yofotokoza zimene mumatanthauza.

Vuto lina ndi kudula mawu olumikiza. "Chifukwa", "poti", "koma" ndi "choncho" amaoneka aang'ono ndipo amachotsedwa msanga, koma ndiwo amagwira ganizo. "Ndikupempha mulipire pofika pa 11 Epulo. Tili ndi ngongole ya nyama." Ziganizo ziwirizi zaima ngati asilikali. Zikalumikizidwa ndi "poti nafenso" zimakhala munthu mmodzi akulankhula ndi mnzake. Nthawi zambiri imelo ikamveka youma itafupikitsidwa, chimene chasowa si "chonde" wina koma cholumikizira chimene chinadulidwa.

Imelo ya mayi uja ikamalizidwa imaoneka motere. Pa Subject: "Invoisi 047: K1,100,000 yotsala ya chakudya cha pa 12 ndi 13 Malichi".

"Wokondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha mutithandize kulipira K1,100,000 yotsala pa invoisi 047 pofika Lachisanu pa 11 Epulo, poti nafenso tili ndi ngongole ya nyama ndi mpunga yoti tibweze tsiku limenelo.

Invoisiyi tinatumiza pa 17 Malichi, ndipo ndi ya chakudya cha pa maphunziro anu a pa 12 ndi 13 Malichi. Zonse zinali K1,800,000; tikuthokoza kuti munatipatsa kale K700,000. Masiku 14 amene tinagwirizana anakwana pa 31 Malichi.

Pepani, akaunti imene ili pa invoisi yoyamba tinatseka. Chonde mugwiritse ntchito imene ili pa invoisi imene ndaika pa imeloyi. Mungandiimbire pa nambala yomwe muli nayo kale kuti mutsimikize.

Zikomo kwambiri."

Pansi pake pabwere dzina la wolemba, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. Mawu tsopano sakukwana 100, ndipo muli zinthu zinayi zimene mu yayitali ija munalibe: ndalama yotsala, deti la Lachisanu, deti limene masiku 14 anakwana, ndi pempho loti aimbe foni. Lomalizali lili ndi chifukwa chake. Imelo yonena kuti akaunti yasintha ndi njira yodziwika imene akuba amagwiritsa ntchito pobera maofesi, ndipo akauntanti wosamala salipira ku akaunti yatsopano asanatsimikize. Mukamuuza nokha kuti aimbe pa nambala imene ali nayo kale, osati imene yalembedwa mu imeloyo, mwamuchotsera chikayiko chimene chikanasunga fayilo yanu pa tebulo masiku angapo. Mwina adzafunanso kalata yosainidwa kapena umboni wochokera kubanki, koma adzakuuzani pa foni yomweyo.

Onaninso chiganizo chakuti "Masiku 14 amene tinagwirizana anakwana pa 31 Malichi." Sichikunena kuti "mwachedwa" kapena "simunalipire". Chikunena za masiku, osati za munthu, ndipo wowerenga amamva yekha tanthauzo lake popanda kulozedwa chala. Kawirikawiri wochedwetsa malipiro sakhala akauntantiyo, amakhala wina amene sanasaine. Imelo imene ilibe mawu omuimba mlandu angathe kuitumiza kwa abwana ake ndi Forward momwe ilili, ndipo chifukwa mutu wake uli ndi nambala ya invoisi ndi ndalama, abwanawo sadzafunsa kuti ndi nkhani yanji.

Kuyesa musanatumize

Chiwerengero cha mawu chimathandiza koma chimanamiza pang'ono, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali: "ndikukumbutseni" ndi liwu limodzi koma ladya theka la mzere wa pa foni. Ngati mukulembera mu Word, chiwerengero chimaoneka pansi pa tsamba, ndipo mu Google Docs chimabwera mukadina Ctrl+Shift+C. Muyeso wabwino koposa ndi kudzitumizira imeloyo n'kuitsegula pa foni. Pa mndandanda wa maimelo mumaoneka dzina la wotumiza, mutu, ndi mawu ochepa oyambirira, ndiye mutu woti "Moni" wotsatana ndi "Choyamba ndikupatseni moni" sunauze munthu kanthu. Mukaitsegula, pempho ndi tsiku zioneke musanayambe kutsitsa ndi chala.

Kenako tengani pepala lija munalemba poyamba, mufufuze chinthu chimodzichimodzi mu imelo yatsopano. Manambala muwafananize ndi invoisi yeniyeniyo, osati ndi imelo yakale, chifukwa polembanso ndi pamene ziro amasowa kapena 047 amasanduka 074. Madeti akhale ndi dzina la mwezi. "Mawa" ndi "sabata yamawa" zimasintha tanthauzo malinga ndi tsiku limene imelo yatsegulidwa, ndipo 11/04 ena amaiwerenga ngati 4 Novembala.

Pomaliza iwerengeni mokweza, ngati kuti bamboyo akhala patsogolo panu. Pamene mukuona kuti pakamwa simukananena choncho kwa munthu wa msinkhu wake, konzani mneni wa pamenepo, musabwezeretse ndime yonse. Ndipo onetsetsani kuti fayilo ya invoisi yaikidwadi. Imelo yaifupi imadalira kwambiri fayiloyo, pakuti anthu 60, K15,000 ndi akaunti yatsopano zonse mwazisiya kumeneko. Ipatseni dzina losiyana ndi yoyamba, monga `Invoisi-047-akaunti-yatsopano.pdf`, kuti mafayilo awiriwa asasokonezeke pa kompyuta ya akauntanti. Ngati mwadina Send n'kuzindikira kuti fayilo mwaiwala, Gmail imaonetsa Undo kwa masekondi ochepa. Nthawiyo imayambira pa masekondi 5 ndipo mungaikweze mpaka 30 mu Settings.

Lachisanu likadutsa popanda yankho, imelo yachiwiri ilembedwe ndi Reply pa yoyambayo kuti zonse zikhale pa ulusi umodzi, ndipo isabwereze mbiri ya ngongole chifukwa ili kale m'munsimo. Moni, ndalama yotsala ndi nambala ya invoisi, ndi funso limodzi lofuna yankho lenileni: "Chonde mundiuze tsiku limene ndingayembekezere ndalamayi, kapena ngati pali pepala lina limene likufunika kuchokera kwa ife."